Chigayo chidzabweza liti ndalama zanu? Mmene mungawerengere musanagule

Mu miyezi yokolola alimi ambiri ndi magulu awo amayamba kukambirana zogula chipangizo chopangira ndalama. Ena amafuna chigayo, ena makina otongolera chimanga, ena injini yopopera madzi kudimba. Wogulitsa amanena kuti chipangizocho chili ndi phindu, ndipo mwina amanena zoona. Koma funso lofunika kuliyankha musanatulutse ndalama ndi ili: kodi chipangizochi chidzatenga nthawi yaitali bwanji kuti chibweze mpamba umene ndalowetsa?

Nthawi imeneyi timaitcha nthawi yobweza mpamba. Pali njira ziwiri zoiwerengera. Yoyamba ndi yachidule, imene imangophatikiza ndalama zotsala chaka ndi chaka mpaka zikwane mpamba. Yachiwiri imayamba yatsitsa ndalama za mtsogolo kuti zifanane ndi ndalama za lero, kenako n'kuphatikiza. Njira ziwirizi zimapereka mayankho osiyana, ndipo kusiyana kwake n'kumene kumasonyeza ngati bizinesi ingapirire ngongole kapena ayi.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti gulu la alimi likufuna kugula chigayo choyendera dizilo. Mitengo imene ili m'munsimu ndi yophunzirira chabe. Inu mukamawerengera zanu, ikani mitengo ya kwanuko ya sabata imene mukuwerengerayo.

Gawo loyamba: pezani mpamba wonse

Cholakwa choyamba chimene timachiona kawirikawiri ndi kutenga mtengo wa m'sitolo ngati mpamba wonse. Chigayo sichigwira ntchito chili m'bokosi. Mpamba ndi ndalama zonse zimene mutulutse kufikira tsiku limene munthu woyamba adzagayitse. Gulu lathu lalemba motere:

- Chigayo ndi injini yake: K6,000,000
- Nyumba ya chigayo ndi maziko a simenti: K1,200,000
- Galimoto yonyamula kuchokera kutauni: K300,000
- Mmisiri womanga ndi kuyesa chigayo: K300,000
- Chiphaso choyamba, dizilo ndi oyilo woyambira: K200,000

Zonse pamodzi ndi K8,000,000. Taonani kuti K2,000,000 sinali pa mtengo wa wogulitsa. Gulu likadaiwala ndalama imeneyi, likadadzinamiza kuti mpamba ubwerera msanga, komanso chigayo chikadafika pamudzi n'kukhala miyezi chikudikira nyumba.

Ngati mamembala aumba okha njerwa kapena apereka malo, ikani mtengo wake pa mndandanda. Njerwazo zikanatha kugulitsidwa, choncho nazonso ndi mpamba.

Gawo lachiwiri: pezani ndalama zotsala pachaka

Chimene chimabweza mpamba si ndalama zonse zimene zalowa m'kabati ya chigayo. Ndi zimene zatsala mutalipira zonse zoyendetsera ntchito. Yambani ndi ndowa imodzi.

M'chitsanzo chathu, kugayitsa ndowa imodzi ya malita 20 ndi K1,500. Dizilo wogayira ndowa imeneyo amadya K800. Ndiye kuti pa ndowa iliyonse pamatsala K700.

Kenako pali zolipira za mwezi ndi mwezi zimene sizisintha kwenikweni, kaya anthu abwera ambiri kapena ochepa. Woyendetsa chigayo amalandira K120,000, mlonda K60,000, ndipo K120,000 imapita ku oyilo, girisi, malamba, masefa ndi mahamala amene amatha. Zonse ndi K300,000 pamwezi. Ngakhale woyendetsa chigayo atakhala membala wa gulu kapena mwana wanu, lembani malipiro ake. Munthu sangagwire ntchito yafumbi zaka zitatu kwaulere, ndipo tsiku limene adzasiye mudzayenera kulipira wina.

Tsopano ganizirani nyengo. Chigayo sichilandira anthu ofanana chaka chonse. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala nkhokwe zimakhala ndi chimanga ndipo mzere umakhala wautali. Kuyambira Novembala mpaka Epulo anthu amagayitsa pang'onopang'ono, ena kambale kokha, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale. Choncho werengerani nyengo ziwirizi padera.

M'miyezi 6 yabwino, gulu likuyembekeza ndowa 40 patsiku kwa masiku 25, zomwe ndi ndowa 1,000 pamwezi. Tikachulukitsa ndi K700 tipeza K700,000. Tikachotsa K300,000 patsala K400,000 pamwezi. Pa miyezi 6 ndi K2,400,000.

M'miyezi 6 yovuta, likuyembekeza ndowa 24 patsiku, zomwe ndi ndowa 600 pamwezi. Tikachulukitsa ndi K700 tipeza K420,000. Tikachotsa K300,000 patsala K120,000 pamwezi. Pa miyezi 6 ndi K720,000.

Pachaka ndi K3,120,000. Tichotsepo K120,000 ya chiphaso cha kukhonsolo ndi zina zolipira kamodzi pachaka. Patsala K3,000,000. Imeneyi ndiyo ndalama yotsala ya chaka chabwinobwino.

Chiwerengero cha ndowa musachitenge kwa wogulitsa chigayo. Pitani pa chigayo chimene chili pafupi, mukhale masiku angapo mukuwerenga ndowa, tsiku la msika ndi tsiku wamba lomwe. Kenako werengani mabanja a m'dera lanu. Ngati banja limodzi limagayitsa ndowa 3 pamwezi, ndowa 1,000 zikufuna mabanja oposa 330 amene azibwera kwa inu osati kwina. Ngati midzi yozungulira ili ndi mabanja 200 okha, chiwerengero chanu ndi maloto, ndipo ndi bwino kuchikonza pepala lisanapite patsogolo.

Zaka sizifanana. Chaka choyamba anthu amakhala asanazolowere, woyendetsa akuphunzira, choncho gulu laika K2,500,000. Chaka chachinayi injini idzafuna kuphwasulidwa ndi kukonzedwa kwakukulu, ndipo gulu lapatula K1,000,000, kotero chaka chimenecho kudzatsala K2,000,000. Zaka zina zonse ndi K3,000,000.

Gawo lachitatu: kuwerengera kwachidule

Lembani mpamba pamwamba pa pepala. Chaka chilichonse chotsani ndalama zotsala za chaka chimenecho, muone zimene sizinabwerebe.

- Poyamba: K8,000,000 sinabwere
- Kutha kwa chaka choyamba: tichotse K2,500,000, yatsala K5,500,000
- Kutha kwa chaka chachiwiri: tichotse K3,000,000, yatsala K2,500,000
- Chaka chachitatu: kulowa K3,000,000, yomwe ndi yoposa yotsalayo

Ndiye kuti mpamba ukubwerera mkati mwa chaka chachitatu. Kuti tidziwe mwezi wake, tigawe ndalama yotsala ndi ndalama ya chaka chimenecho, kenako tichulukitse ndi miyezi 12. Pa kalikuleta ya pafoni lembani 2,500,000 ÷ 3,000,000 × 12. Yankho ndi 10.

Nthawi yobweza mpamba ndi zaka 2 ndi miyezi 10.

Kugawa kumeneku kukutenga ngati ndalama zimalowa mofanana mwezi uliwonse. Popeza chigayo chimatsata nyengo, tsiku lenileni likhoza kufulumira kapena kuchedwa ndi miyezi ingapo. Chigayo chimene chatsegulidwa mu Meyi chimayamba ndi miyezi yabwino, pomwe chotsegulidwa mu Novembala chimayamba ndi miyezi 6 ya K120,000. N'chifukwa chake timalangiza kuti ntchito yomanga ithe anthu asanayambe kukolola.

Yankho la zaka 2 ndi miyezi 10 lili ndi ntchito yake. Likukuuzani kuti kwa nthawi yonseyi ndalama zanu zili pangozi. Injini ikabedwa kapena ikafa m'chaka chachiwiri, gulu lataya ndalama. Likukuuzaninso kuti mamembala asayembekeze kugawana phindu lenileni zaka zitatu zisanakwane.

Koma njira imeneyi ili ndi chilema. Ikutenga K3,000,000 imene mudzaigwire zaka zitatu zikubwerazi ngati yofanana ndi K3,000,000 imene ili m'manja lero. Mlimi aliyense amadziwa kuti sizili choncho.

Chifukwa chiyani ndalama ya mawa ndi yochepa kuposa ya lero?

Mnzanu atakufunsani kuti musankhe K100,000 lero kapena K100,000 chaka chamawa, mungasankhe ya lero. Zifukwa zake ndi zitatu.

Choyamba, ndalama ya lero ikhoza kugwira ntchito. Mukhoza kugula mbuzi imene iswe, kulima dimba la tomato, kapena kuika masheya ku banki m'khonde n'kulandira chiwongoladzanja pogawana. Ndalama imene mwaimangirira m'chigayo yasiya ntchito zonsezi.

Chachiwiri, mitengo imakwera. Tonse tikukumbukira kuti mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Zinthu zochokera kunja monga dizilo, malamba ndi zitsulo za injini ndi zimene zimakwera msanga zikatere.

Chachitatu, za mawa sizidziwika. Chilala chikhoza kuchepetsa chimanga, dizilo akhoza kusowa, wina akhoza kutsegula chigayo pafupi.

Njira yachiwiri yowerengera imaika zimenezi m'masamu. Mumasankha peresenti imene ikuimira mtengo wa kudikira kwa chaka chimodzi. Gulu lathu lasankha 20 peresenti, ndipo tiona kutsogoloku mmene laipezera. Tanthauzo lake ndi lakuti K100 ya lero ndi yofanana ndi K120 ya chaka chamawa. Tikabwerera chammbuyo, ndalama iliyonse ya chaka chamawa tiigawe ndi 1.2 kuti tipeze mtengo wake wa lero.

Gawo lachinayi: kuwerengera ndi mtengo wa lero

Lamulo lake ndi losavuta. Ndalama ya chaka choyamba igaweni ndi 1.2 kamodzi. Ya chaka chachiwiri igaweni ndi 1.2 kawiri. Ya chaka chachitatu katatu, mpaka mtsogolo. Pa kalikuleta, ya chaka chachiwiri mulemba 3,000,000 ÷ 1.2 ÷ 1.2. Mayankho ali m'munsiwa tawafupikitsa kuti athere pa ma K1,000.

- Chaka choyamba: K2,500,000 ndi yofanana ndi K2,083,000 ya lero
- Chaka chachiwiri: K3,000,000 ndi yofanana ndi K2,083,000 ya lero
- Chaka chachitatu: K3,000,000 ndi yofanana ndi K1,736,000 ya lero
- Chaka chachinayi: K2,000,000 ndi yofanana ndi K965,000 ya lero
- Chaka chachisanu: K3,000,000 ndi yofanana ndi K1,206,000 ya lero

Taonani mmene K3,000,000 yomweyo ikucheperachepera ikamatalikira. Ya chaka chachisanu sikufika ngakhale theka.

Tsopano chitani monga poyamba paja, koma muzichotsa ndalama zotsitsidwazi.

- Poyamba: K8,000,000 sinabwere
- Kutha kwa chaka choyamba: yatsala K5,917,000
- Kutha kwa chaka chachiwiri: yatsala K3,834,000
- Kutha kwa chaka chachitatu: yatsala K2,098,000
- Kutha kwa chaka chachinayi: yatsala K1,133,000
- Chaka chachisanu: kulowa K1,206,000, yomwe ikukwanira yotsalayo

Kuti tipeze mwezi, tilembe 1,133,000 ÷ 1,206,000 × 12. Yankho ndi miyezi 11. Choncho mwa njira yachiwiri mpamba ukubwerera pa zaka 4 ndi miyezi 11, tingoti zaka 5.

Chigayo ndi chomwecho, ndowa ndi zomwezo, koma yankho lachoka pa zaka zosakwana 3 kufika pa zaka 5. Mayankho onse awiri ndi oona, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Loyamba likunena nthawi imene makwacha anu abwerere. Lachiwiri likunena nthawi imene mudzakhale mutabwezeredwa makwachawo pamodzi ndi zimene akanakupindulirani kwina. Phindu lenileni la chigayo likuyamba pambuyo pa tsiku lachiwirili. Yankho la njira yachiwiri nthawi zonse limakhala lalitali kuposa la njira yoyamba. Likatuluka lalifupi, mwalakwitsa penapake.

Mungasankhe bwanji peresenti?

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, choncho tipite pang'onopang'ono.

Yambani ndi mtengo wa ndalama zanu. Ngati mukukongola, funsani chiwongoladzanja cha pachaka pamodzi ndi ndalama zina zimene amadula potenga ngongole. Ngati ndi ndalama zanu, dzifunseni kuti zikanapindula zingati pa ntchito ina imene mumaidziwa bwino. Tiyerekeze kuti gulu lathu lauzidwa 35 peresenti pachaka.

Kenako yang'anani mmene mwalembera ndalama za mtsogolo. Ife talemba zaka zonse pa mitengo ya lero, K1,500 pa ndowa ndi K800 ya dizilo. Koma zinthu zikamakwera, eni zigayo nawonso amakweza mtengo wogayitsa. Ngati mitengo ikukwera ndi 25 peresenti pachaka ndipo inunso mukukweza mofanana, gawo lalikulu la 35 peresenti ija likulipiridwa ndi kukweza kwanuko. Chotsala chenicheni ndi pafupifupi 8 mpaka 10 peresenti. Pamenepo gulu lawonjezera 10 ina chifukwa cha chilala, kusowa kwa dizilo ndi zina zosadziwika, n'kufika pa 20.

Ndiye kuti 20 peresenti ija yaima pa lonjezo limodzi: gulu lizikweza mtengo wogayitsa nthawi iliyonse dizilo ndi zitsulo zikakwera, kuti K700 yotsala pa ndowa izikula pamodzi ndi mitengo ya zinthu.

Nanga lonjezoli likalephereka? Zimachitika kawirikawiri. Ogayitsa ndi abale ndi anansi, amadandaula, ndipo komiti imaopa kukweza. Tiyerekeze kuti gulu lakongola K8,000,000 yonse pa 35 peresenti ndipo ndalama yotsala yakhalabe K3,000,000 chaka ndi chaka. Chiwongoladzanja chokha cha chaka chimodzi ndi K2,800,000. Chaka choyamba chigayo chabweretsa K2,500,000, yosakwana ngakhale chiwongoladzanjacho, ndipo ngongole yakwera kufika K8,300,000. Zaka ziwiri zotsatira ikutsika pang'ono chabe. Chaka chachinayi, injini ikakonzedwa, ngongole ikudumpha kufika pafupifupi K8,900,000, ndipo kuyambira pamenepo chiwongoladzanja chikuposa zimene chigayo chikubweretsa. Mpamba sudzabwerera, ngakhale chigayo chikulira tsiku lililonse ndipo anthu akuona ngati gulu lalemera.

Kumbukirani kuti kuwerengera kwachidule kunati zaka 2 ndi miyezi 10. Sikunaone dzenje limeneli. Apa ndi pamene njira yachiwiri imapulumutsa.

Pali kayesedwe kofulumira kamene mungachite musanalembe mndandanda wonse. Chulukitsani mpamba ndi peresenti yanu. Ngati yankho likuyandikira kapena kuposa ndalama yotsala ya pachaka, chipangizocho sichingadzigule.

Chenjezo lina ndi la ngongole za banki m'khonde. Magulu ambiri amalipiritsa chiwongoladzanja cha pamwezi, ena K10, ena K20 pa K100 iliyonse. K10 pamwezi ndi K120 pachaka pa K100 iliyonse, ngakhale osawerengera chiwongoladzanja cha pa chiwongoladzanja. Ngongole yotere ndi yoyenera geni imene ndalama imazungulira m'masabata ochepa. Si yogulira chipangizo chimene chibweze mpamba pa zaka zitatu.

Mukamagwiritsa ntchito njira yachiwiri, musachotsenso chiwongoladzanja pa ndalama zotsala za pachaka. Kugawa ndi peresenti kuja kwachiwerengera kale, ndipo mukachotsanso ndiye kuti mwalipira kawiri. Chimodzimodzinso musachotse ndalama ya kutha kwa makina chaka ndi chaka, chifukwa mtengo wonse wa makinawo uli kale mu mpamba.

Yankho lanu muliyerekeze ndi chiyani?

Kudziwa kuti ndi zaka 5 sikokwanira. Muliyerekeze ndi zinthu ziwiri.

Choyamba ndi moyo wa chipangizo. Funsani eni zigayo za mtundu womwewo ndi amakaniko amene amazikonza kuti injini yotere imakhala zaka zingati isanafune kusinthidwa. Akakuuzani kuti zaka 8, ndiye kuti gulu lili ndi zaka 3 za phindu lenileni. Akakuuzani kuti zaka 4, chigayo chidzafa chisanamalize kudzigula, ngakhale kuwerengera kwachidule kumaoneka kokoma.

Chachiwiri ndi nthawi ya ngongole. Tiyerekeze kuti wobwereketsa akufuna ndalama yake pa miyezi 24. K8,000,000 tikaigawa ndi 24 ndi K333,000 pamwezi, tisanaikepo chiwongoladzanja. M'miyezi yabwino chigayo chimatsala ndi K400,000, koma m'miyezi yovuta chimatsala ndi K120,000 yokha. Pofika Disembala mamembala ayamba kusonkha za m'thumba, nthawi yomwe akufunanso feteleza ndi chakudya. Lamulo lake ndi lakuti nthawi ya ngongole isafupike kuposa nthawi yobweza mpamba. Ngati sizitheka, chepetsani ngongole posonkha gawo lalikulu la mpamba nokha, kapena pemphani kuti muzibweza zambiri m'miyezi yokolola ndi zochepa m'miyezi ya njala.

Yesani chaka choipa musanagule

Masamu onsewa aima pa ndowa 40 ndi 24 patsiku. Tiyeni tione chimene chingachitike wina akatsegula chigayo pamsika wapafupi n'kutenga munthu mmodzi pa anthu asanu alionse amene amabwera kwa inu.

M'miyezi yabwino ndowa zatsika kufika 800. Tikachulukitsa ndi K700 ndi K560,000, tikachotsa K300,000 patsala K260,000. M'miyezi yovuta ndowa ndi 480, zomwe ndi K336,000, ndipo patsala K36,000 yokha. Pachaka, titachotsa chiphaso, patsala K1,656,000.

Ogayitsa achepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, koma ndalama yotsala yatsika pafupifupi ndi theka. Chifukwa chake n'chakuti woyendetsa, mlonda ndi zitsulo akulipiridwabe chimodzimodzi. Mwa kuwerengera kwachidule, mpamba tsopano ubwerera pa zaka 5 ndi miyezi 5. Mwa njira yachiwiri, tichite kayesedwe kofulumira kaja: 20 peresenti ya K8,000,000 ndi K1,600,000. Pa K1,656,000 patsala K56,000 yokha pachaka yobwezera mpamba, ndipo kukonza injini kwa chaka chachinayi kukuimeza yonse. Chigayo sichidzadzigula.

Zimenezi sizikutanthauza kuti gulu lisagule. Zikusonyeza pamene pali ngozi. Pa chigayo chimenechi, chinthu chofunika kuchitsimikiza kwambiri ndi chiwerengero cha ogayitsa, ndipo ndi bwino kutaya sabata yathunthu mukuwerenga mabanja ndi kufunsa ngati pali wina amene akukonza zotsegula chigayo kapena ngati magetsi akubwera m'deralo. Chitaninso mayeso omwewa pokweza mtengo wa dizilo, komanso pochotsa mwezi umodzi wathunthu umene chigayo chaima chifukwa chosowa dizilo kapena chitsulo.

Chimene njira ziwirizi siziona

Njira zonse ziwiri zimasiya kuwerenga tsiku limene mpamba wabwerera. Sizinena kanthu za ndalama zobwera pambuyo pake. Choncho chipangizo chobweza msanga si nthawi zonse chimene chili chabwino.

Tiyerekeze kuti gulu lapezanso chigayo chakale, chimene mpamba wake wonse ndi K5,000,000 ndipo chimatsala ndi K2,500,000 pachaka chifukwa chimawonongeka pafupipafupi. Mwachidule chikubweza pa zaka 2, msanga kuposa chatsopano. Koma makaniko akuti injini yake yatsala ndi zaka 3. Ndiye kuti chikabweza mpamba chigwira chaka chimodzi chokha, n'kusiya K2,500,000, ndipo gulu liyambanso kufunafuna ndalama ya injini ina. Chatsopano chikuchedwa ndi miyezi 10, koma chikabweza chili ndi zaka 5 zina zogwira ntchito.

Nthawi zina chakale chikhoza kukhala chisankho choyenera, makamaka ngati gulu lingathe kuchigula popanda ngongole pomwe chatsopano chikufuna ngongole yodula. Chofunika ndi kufunsa mafunso awiri pa chipangizo chilichonse: chibweza liti, ndipo chikabweza chidzagwirabe ntchito zaka zingati?

Mukagula, pitirizani kuwerenga

Pepala limene munawerengera lisatayidwe. Likhale mlozo wanu. Pa chigayo pakhale kope limene woyendetsa azilemba ndowa za tsiku lililonse, ndalama zolowa ndi malita a dizilo amene wathira. Kumapeto kwa mwezi msungichuma ndi mlembi ayerekeze ndi zimene munayembekeza.

Zizindikiro zitatu zimasonyeza msanga kuti mpamba ukuchedwa. Choyamba, ndowa zikuchepera chiwerengero chanu miyezi itatu yotsatizana m'nyengo yokolola. Chachiwiri, dizilo wogayira ndowa imodzi akuchuluka. Zimenezi zimachitika mahamala akatha, lamba akamaterereka, injini ikafuna kukonzedwa, kapena ndowa zina zikamagayidwa osalembedwa. Chachitatu, dizilo wakwera koma mtengo wogayitsa uli pomwepo. Mu chitsanzo chathu, dizilo wa ndowa imodzi akakwera kuchoka pa K800 kufika K1,000, ndalama yotsala pa ndowa yatsika kuchoka pa K700 kufika K500, ndipo m'miyezi yovuta chigayo chikungogwirira ntchito woyendetsa, mlonda ndi zitsulo basi.

Ogayitsa pangongole alembedwe padera. Ndalama imene sinalowe m'kabati sibweza mpamba. Amene alipira ndi chimanga, chimangacho chiwerengedwe pa mtengo umene mwachigulitsira, osati umene mumafuna.

Kwa alimi achitsanzo amene mukaphunzitse anzanu, tengani pepala lalikulu mulembe mizere inayi: chaka, ndalama yotsala, mtengo wake wa lero, ndi mpamba umene sunabwere. Musayambe ndi chitsanzo chathu chino. Funsani gululo chipangizo chimene likuganiza kugula, mutume anthu awiri akafunse mitengo ndi awiri ena akawerenge makasitomala, ndipo pa msonkhano wotsatira mudzaze mizereyo pamodzi, aliyense ali ndi foni yake m'manja. Mukamaliza, tengani pepalalo mukalionetse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu musanasainire ngongole iliyonse.